Kalata yokana kuti katundu anafika woonongeka

Tiyerekeze kuti mayi wa golosale ku Ntcheu waoda matumba 40 a shuga kwa wogulitsa pikulitsa wa ku Limbe. Patapita milungu itatu, akulemba kalata kuti matumba asanu ndi limodzi ndi onyowa, shuga waumbika ngati mwala, ndipo akufuna ndalama zake.

Wogulitsa wodziwa ntchito sayamba ndi kukana. Amayamba ndi kuthokoza mayiyo, kenako amatchula nambala ya invoisi ndi tsiku limene lole inatsitsa katundu. Mtima wa kalatayo ndi chikalata cholandirira katundu: mnyamata wa pagolosale anawerenga matumba onse 40 ndi kusaina osalembapo vuto lililonse. Siginecha imeneyi imalemera kuposa mkwiyo wonse wa mayiyo.

Pambuyo pake amafotokoza zimene munthu wake anapeza atapita kukaona. Matumba onyowawo anali apansi, ogona pasimenti popanda matabwa, ndipo chinyezi chinalowera mbali imodzi yokha. Mvula ya panjira ikananyowetsa apamwamba ndi a m’mbali. Amakumbutsanso masiku odandaulira amene anagwirizana, ngati analembedwa pa invoisi.

Koma siginecha ili ndi malire. Vuto lobisika, monga mchenga m’thumba losokedwa bwino, silioneka potsitsa, ndipo wogulitsa wokana zoterezi chifukwa cha siginecha yokha akungozemba mlandu. Kalatayo imatha mwaulemu: “Mayi, ngati muli ndi zithunzi za tsiku lotsitsalo, titumizireni tionenso.”