Sipanala siuza zonse

Bawuti yomangitsa imatamuka pang'ono ngati sipuling'i, ndipo kutamukako ndiko kumapanikiza zitsulo. Amisiri amayerekeza mphamvu yopanikizayo ndi F = T/(K×d): T ndi mphamvu yopotokola, d ndi kukula kwa bawuti, K ndi kukhukhuzana kwa zitsulo.

Titenge bawuti ya mamilimita 12 yomangidwa pa 80 Nm. Ikakhala youma, K ali pafupifupi 0.2, choncho imapanikiza ndi 33 kN. Mukaipaka girizi, K atha kutsikira pa 0.15, mphamvu n'kukwera kufika 44 kN, sipanala ikuonetsabe 80 yomweyo. Vuto ndi lakuti pafupifupi magawo 90 pa 100 a mphamvu ya mkono wanu amathera m'kukhukhuzana kwa mazinga ndi pansi pa nati. Dzimbiri likalowapo, sipanala imalira msanga zitsulo zisanagwirane bwino.