Mlandu wa 7 ndi 8

Ana inu, tsiku lina ndinalemba pa bolodi nambala zitatu izi: 1, 2, 4, ndipo ndinafunsa kuti, "Yotsatira ndi iti?" Mnyamata wina anaimirira msanga nati, "Ndi 8, aphunzitsi." Koma mtsikana wokhala pambuyo pake anati, "Iyayi, ndi 7." Mlandu wao tidzauweruza bwino lino, tikayamba taphunzira mayesedwe a mndandanda wa nambala, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poyamba funani kusiyana kwa nambala zoyandikana, pochotsa yaing'ono mu yaikulu. Pa 3, 7, 11, 15 kusiyanako ndi 4 ponseponse, chotero yotsatira ndi 19. Kukapanda kufanana, yesani kugawa. Taonani 3, 6, 12, 24: mukagawa iliyonse ndi ya pambuyo pake mupeza 2, ndiko kuti tikuchulukitsa ndi 2, ndipo yotsatira ndi 48. Mndandanda wina umakwera ndi kutsika monga bwato pa mafunde a ku Chilumba: 5, 8, 6, 9, 7. Apa malamulo ali awiri olandizana, kuonjeza 3 ndi kuchotsa 2. Yotsatira ndi 10.

Tsono pali wina umene umagwetsa ngakhale ana ochenjera. Kuno ku Hara mwaona matumba a mpunga atasanjikizidwa nthawi yokolola, mzere uliwonse wa pamwamba uchepa ndi thumba limodzi, kufikira limodzi lokha pa nsonga. Pansi pakakhala thumba 1, mulu wonse ndi 1. Pakakhala 2, mulu ndi 3. Pakakhala 3, ndi 6. Kenaka 10, kenaka 15. Lembani pa masileti anu 1, 3, 6, 10, 15. Kusiyana kwake ndi 2, 3, 4, 5, sikufanana. Kugawanso sikuthandiza. Musataye mtima, koma lembani 2, 3, 4, 5 pa mzere wao, nimufunenso kusiyana kwa izo. Mupeza 1, 1, 1. Lamulo linabisala pamenepo! Kusiyana kumakula ndi 1, chotero pambuyo pa 5 padza 6, ndipo 15 kuonjeza 6 ndi matumba 21.

Tibwerere kwa ana awiri aja. Mnyamata anagawa napeza 2 ndi 2, nati 8. Mtsikana anachotsa napeza 1 ndi 2, naganiza kuti padza 3, nati 7. Onse awiri analondola njira yoona. Wolakwa ndinali ine, popeza nambala zitatu zija zinalola malamulo onse awiri. Pamene ndinaonjeza 7 ndi 11, lamulo la mnyamata linagwa pa nambala yachinayi, koma la mtsikana linayenda kufikira kumapeto.

Tsopano lembani 2, 5, 10, 17, 26, ndipo musatchule yotsatira musanandionetse mizere iwiri ya kusiyana pansi pake.