Anabadwa Liti, Anamwalira Liti? Mafunso Asanu ndi Limodzi pa Akatswiri Otulukira Zipangizo

Pa mpikisano wa mafunso, kaya wa pasukulu kaya wa pawailesi, pali funso lomwe limagwetsa ngakhale ophunzira akuthwa mutu. Akafunsidwa amene anatulukira lamya, manja amakwera onse ndipo dzina la Alexander Graham Bell limatuluka mosajejema. Koma wofunsa akangowonjezera kuti Bell anabadwa chaka chanji, holo yonse imangoti zii.

Mafunso asanu ndi limodzi akubwerawa ndi a mtundu umenewo, ndipo wowerenga ayambe wayesa yekha asanafike pa mayankho. Loyamba: ndi akatswiri awiri ati, wa lamya ndi wa babu la magetsi, amene anabadwa chaka chimodzi, ndipo chinali chaka chanji? Lachiwiri: Nikola Tesla anabadwa mu 1856 n'kumwalira mu 1943, nanga anamwalira ali ndi zaka zingati? Lachitatu: pa abale awiri a kwa Wright amene anaulutsa ndege mu 1903, anatsogola kumwalira ndani, ndipo winayo anatsala zaka zingati? Lachinayi: Louis Braille, mwini zilembo zomwe anthu osaona amawerenga ndi zala, anakhala ndi moyo kuyambira liti mpaka liti? Lachisanu: Johannes Gutenberg wa makina osindikizira mabuku anabadwa chaka chanji? Lotsiriza: Isaac Newton anabadwa mu 1642 kapena mu 1643?

Yankho la funso loyamba ndi 1847. Thomas Edison anabadwa pa 11 Febuluwale chaka chimenecho ku Ohio m'dziko la Amereka, ndipo pasanathe mwezi, pa 3 Malichi, Bell anabadwa ku Edinburgh ku Sikotilandi. Wosunga chaka chimodzichi m'mutu wapha mbalame ziwiri ndi mwala umodzi. Pa imfa ndiye anasiyana: Bell anamwalira mu 1922 ku Kanada ali ndi zaka 75, pamene Edison anafika mpaka 1931 ali ndi zaka 84. Amene waiwala chakacho angathe kudzithandiza poyambira pa ntchito ya munthuyo. Bell analandira chikalata cha umwini wa lamya mu 1876, choncho yankho ngati 1867 silingatheke, chifukwa likutanthauza kuti anali mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Pa mafunso osankha yankho, kuwerengera kotere kumachotsa mayankho olakwika angapo munthu asanayambe n'komwe kukumbukira.

Funso la Tesla lili ndi msampha. Ambiri amachotsa 1856 pa 1943 n'kupeza 87, ndipo amayankha molimba mtima. Koma Tesla anabadwa pa 10 Julayi 1856 m'mudzi wa Smiljan, womwe lero uli m'dziko la Croatia, ndipo anamwalira pa 7 Januwale 1943 m'chipinda cha hotela ku New York. Tsiku lake lobadwa la chaka chimenecho linali lisanafike, kotero anamwalira ali ndi zaka 86. Lamulo lake n'lapafupi: munthu akachotsera zaka ziwirizo, ayang'anenso mwezi. Ngati womwalirayo anatsikira kuli chete tsiku lake lobadwa lisanakwane, pamafunika kuchotsaponso chaka chimodzi. Kwa Edison kuchotsera kwa wamba kumagwira ntchito, popeza anabadwa mu Febuluwale n'kumwalira mu Okutobala, ndiye 84 ndi yolondola.

Pa abale a kwa Wright anatsogola ndi wamkulu, Wilbur. Iye anabadwa mu 1867 ndipo anamwalira mu 1912 ndi matenda a taifodi ali ndi zaka 45, patangotha zaka zosakwana zisanu ndi zinayi chiulukireni ndege yawo pa 17 Disembala 1903. Mng'ono wake Orville, wobadwa mu 1871, anamwalira mu Januwale 1948, kutanthauza kuti anatsala yekha zaka zoposa 35. Apa zaka zikunena nkhani yogwira mtima: Wilbur sanaone ndege zikugwiritsidwa ntchito pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene Orville anaona nkhondo zonse ziwiri, ndipo anali akadali moyo mu Okutobala 1947 pomwe ndege inathamanga koyamba kuposa liwiro la phokoso.

Braille anabadwa pa 4 Januwale 1809 ku Falansa ndipo anamwalira pa 6 Januwale 1852 ndi chifuwa chachikulu, patangopita masiku awiri atakwanitsa zaka 43.

Mafunso awiri otsalawo ndi amene amayambitsa mikangano, ndipo wokonza mpikisano ayenera kuwasamala kwambiri. Chaka chomwe Gutenberg anamwalira chimadziwika, ndi 1468, mumzinda wa Mainz ku Jeremani. Koma palibe chikalata chilichonse chosonyeza tsiku kapena chaka chomwe anabadwa. Akatswiri a mbiri yakale amangoyerekeza kuchokera m'zikalata zina zomwe dzina lake likupezekamo, ndipo amati anabadwa m'zaka zoyandikira 1400. Chaka cha 1400 chinakhazikika m'mabuku ambiri chifukwa mzinda wa Mainz unachisankha pochita chikondwerero cha zaka 500 za kubadwa kwake mu 1900. Yankho loona, tsono, ndi "cha m'ma 1400". Wophunzira amene wayankha 1398 sanalakwe kuposa amene wayankha 1400, ndipo kumumana malikisi n'kumulakwira. N'chimodzimodzi ndi George Washington Carver, katswiri wa zaulimi wa ku Amereka wodziwika ndi kafukufuku wa mtedza. Iye anabadwira mu ukapolo ku Missouri, komwe ana a akapolo kawirikawiri sankalembedwa tsiku lobadwa, ndipo mabuku amangoti cha m'ma 1864. Imfa yake yokha ndiyo ili ndi tsiku lenileni, 5 Januwale 1943, masiku awiri Tesla asanamwalire.

Za Newton, yemwe anapanga telesikopu yoyamba yogwira ntchito ndi kalilole mu 1668, mayankho onse awiri ndi olondola. Nthawi imeneyo dziko la Mangalande linkatsatirabe kalendala yakale ya Julius Caesar, yomwe inali m'mbuyo ndi masiku khumi poyerekeza ndi kalendala ya Papa Gregory imene tikugwiritsa ntchito lero. Kwa amayi ake ndi anthu a m'mudzi mwake, Newton anabadwa pa tsiku la Khirisimasi, 25 Disembala 1642. Kuwonjezerapo masiku khumi aja kumafikitsa pa 4 Januwale 1643, ndipo chaka chadumpha.

Imfa yake ili ndi mfundo ina yovutirapo. Newton anamwalira pa 20 Malichi malinga ndi kalendala yakale, ndipo ku Mangalande nthawi imeneyo chaka chatsopano chinkayamba pa 25 Malichi, osati pa 1 Januwale. Kwa anthu a nthawi yake chinali chikadali chaka cha 1726, ndipo ndicho chinalembedwa pa chipilala chake ku Westminster Abbey. Pa kalendala ya lero tsikulo ndi 31 Malichi 1727, popeza pofika nthawiyo kusiyana kunali kutakula kufika masiku khumi ndi limodzi. Mangalande anasintha kalendala mu 1752, choncho funso lililonse lokhudza munthu wa kumeneko wobadwa chaka chimenecho chisanafike, makamaka ngati tsiku lake lili pakati pa kumapeto kwa Disembala ndi 24 Malichi, liyenera kutchula kalendala yomwe wofunsayo akutsatira.