Mawu a woperekeza mkwatibwi pa kicheni pati

Munthu amene sanagwirepo maikolofoni pamaso pa amayi odzaza holo amaganiza kuti ntchito ya woperekeza mkwatibwi ndi kuvala diresi lofanana ndi anzake ndi kuloweza masitepe. Koma pa kicheni pati pamafika mphindi imene emusi amati, "Tsopano tiitane anzake a mkwatibwi," ndipo mmodzi mwa atsikana aja ayenera kuimirira, mphatso ili m'manja, n'kulankhula. Apongozi ali mpando wakutsogolo. Anamkungwi apinda manja, akumvetsera. Apa ndi pamene atsikana ambiri olongolola amauma pakamwa, ndipo ena amene samauma amalankhula zoti mawa adzanong'oneza nazo bondo.

Mwambowu uli ndi maina angapo. Ku Zambia, m'mizinda ngati Lusaka ndi Chipata, amati kicheni pati: mkwatibwi amalowa atafunditsidwa chitenje, amakhala pansi atazolika, ndipo wopereka mphatso amafotokoza ntchito ya chimene wabweretsa, kawirikawiri n'kuvinanso pang'ono. Ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu dzina lofala ndi buraidoshawa, ndipo kumeneko pulogalamu imagawidwa m'mitu: wina alankhula za kusamala pakhomo, wina za ndalama, wina za ukhondo, wina za moyo wauzimu, pakatipakati pakulowa perekaniperekani. Konseku woperekeza amapatsidwa mpata wake, ndipo ndi wochepa. Mphindi zinayi kapena zisanu zakwana.

Chovuta chake n'chakuti mtsikanayu nthawi zambiri ndi wosakwatiwa. Alangiza bwanji za banja iye asanalowemo? Amayi amamvetsera ndi funso limenelo m'mutu, ngakhale salinena. Yankho limene ndaliona likugwira ntchito ndi limodzi: asalankhule za banja, alankhule za chinthu chimene chili m'manja mwake ndi za mnzake amene akumudziwa. Namkungwi amadziwa ukwati, koma sadziwa kuti mkwatibwiyu akakwiya amasiya kudya, kapena kuti ndalama ikamukhalira m'chikwama imamuyabwa. Woperekeza amadziwa zimenezo chifukwa anagonera limodzi kuhositelo, anabwerekana nsapato, anagawana ndiwo mwezi ukakhala pakati. Mphamvu yake ili pamenepo, ndipo akaisiya n'kuyamba kutengera mawu a akuluakulu amamveka ngati mwana wovala nsapato za amayi ake.

N'chifukwa chake ntchito imayamba pogula mphatso, osati polemba mawu. Tiyerekeze kuti operekeza alipo asanu ndi mmodzi ndipo aliyense wasonkha K20,000, zonse pamodzi K120,000. Choyamba afunse komiti kapena mayi ake a mkwatibwi zimene magulu ena akubweretsa. Amayi a kumpingo, anzake a kuntchito ndi achibale onse amakonda kugula mbale ndi makapu, ndipo si zachilendo kuona mkwatibwi akubwerera ndi mafulasiki anayi koma wopanda ndowa. Chachiwiri adziwe nyumba imene akukalowa. Ngati ndi ya chipinda chimodzi, ya lendi, kumene magetsi amazimazima, mbaula yolimba imuthandiza kuposa chipangizo chonyezimira chongokhala m'katoni. Zogula zikhale zingati, zili kwa iwo, koma zolankhulira zisapitirire zitatu. Zinazo zingoperekedwa. Munthu akati afotokoze supuni iliyonse, anthu amayamba kuyang'ana kumene kuli chakudya.

Tinene kuti asankha mthiko ndi poto, lichero, ndi mbaula. Emusi akaitana, onse asanu ndi mmodzi amabwera akuvina, atamanga zitenje m'chiuno pamwamba pa madiresi. Nyimbo ikatsika, wolankhula amayamba wapereka ulemu, motsata ukulu: amayi a mbali zonse ziwiri, anamkungwi, amayi abusa ngati alipo, kenako alendo onse. Kuiwala apongozi pa malonje ndi cholakwa chimene anthu amachikumbukira kuposa mawu onse okoma otsatira. Adzitchule yekha mwachidule, anene kuti akulankhula m'malo mwa anzake, kenako agwade kapena anyonyomale pafupi ndi mkwatibwi. Kumuimirira pamutu munthu amene wakhala pansi sikuoneka bwino.

Pali kanthu kakang'ono ka chilankhulo kamene kamasokoneza ambiri. Masiku onse awiriwa amati iwe. Lero, pamaso pa apongozi, mkwatibwi akukwezedwa kukhala mayi wapakhomo, choncho woperekeza wochenjera amati inu, achemwali, kapena asisi. Mwina kumapeto kwenikweni akhoza kutsika n'kunena mawu amodzi a iwe, ndipo akatero amamveka, chifukwa anthu aona kuti tsopano walankhula mnzake weniweni. Zolankhulazo zingayende motere:

"Achemwali, ife anzanu sitinakwatiwe, ndiye za m'banja tisiyira amayi athu ali apawa. Ife tabwera ndi zimene timazidziwa. Uwu ndi mthiko ndi poto wake. Tasankha poto wochindikala pansi, kuti nsima isamapserere. Zaka zonse takhala nanu, simunadyepo nokha wina akuyang'ana. Potoyu tagula wamkulu dala, chifukwa kumene mukupita kudzafika alamu, kudzafika apongozi, ndipo ifenso tidzabwera osauza. Dzanja lanu lija musalisinthe."

Apa apereke ndi manja awiri, adikire nthungululu zithe, atenge chachiwiri.

"Ili ndi lichero. Mukudziwa kale kupeta mpunga. Koma pakhomo padzafikanso nkhani: wina adzati ndawaona amuna anu uku, wina adzati apongozi anena izi. Muzipeta. Mankhusu apite ndi mphepo, chotsalacho mukafunse mwini wake muli awiri. Ndipo ife amene, anzanu, tikadzakubweretserani nkhani, mudzatipetenso."

"Iyi ndi mbaula. Magetsi akazima, anthu asagone ndi njala. Ndipo poti ndine ndinkakusungirani ndalama kusukulu, ndinene pamaso pa amayi: kathumba ka makala kazikhalapo mwezi usanathe, osati kukagula tsiku lamdima. Basi, ife tathera pomwepa. Iwe mnzanga, foni yanga sinasinthe."

Mawu onsewa sakwana mphindi zitatu, ndipo taonani mmene apangidwira. Chinthu chilichonse chatchulidwa dzina, ntchito yake yeniyeni yanenedwa, kenako langizo limodzi lokha latuluka m'ntchitoyo. Langizo la poto ndi chiyamikiro chobisika: likuuza apongozi kuti mwana akubwerayu si womana. La lichero ndi lolemera kuposa onse, ndipo lalandirika chifukwa wolankhula wadziikamo yekha. La mbaula lakhudza chofooka cha mkwatibwi, koma mopepuka, moti iye amwetulira chozolika ndipo mayi ake agwedeza mutu. Malire ake ndi opyapyala. Akanati "mnzathuyu ndi wosakaza, ngongole zake timazidziwa," bwenzi atapatsa akuchimuna ndodo yodzamukwapulira zaka khumi zikubwerazo.

Zimene zimaononga mawu otere n'zodziwika, ndipo zimabwerezedwa chaka ndi chaka. Yoyamba ndi nthabwala za zibwenzi zakale. Pagulu la atsikana okhaokha zimaseketsa. Muholo muli alongo a mkwati, muli mafoni akujambula, ndipo dzuwa lisanalowe kanemayo afika kwa mwini wake. Yachiwiri ndi kulowa za kuchipinda. Mikanda ndi zonse zoyenda nayo ndi gawo la anamkungwi, lili ndi nthawi yake ndi malo ake otsekeka, ndipo mtsikana wosakwatiwa akazigwira pa maikolofoni amayi amafunsana kuti wazidziwira kuti. Yachitatu ndi kutchula mtengo wa mphatso kapena sitolo imene yagulidwa, zomwe zimachititsa manyazi azakhali amene abwera ndi chipande chimodzi kuchokera kumudzi. Palinso kuwerenga pafoni mawu okopera kwina, a Chingerezi chosalala chimene agogo sakumva. Ngati mtima ukugunda, kapepala kokhala ndi mawu atatu, poto, lichero, mbaula, n'kokwanira. Mphatso zomwezo ndi zokumbutsa.

Wolankhula angadziwe bwanji kuti zayamba kupotoka? Asayang'ane anzake, chifukwa iwo aseka chilichonse. Ayang'ane mzere wakutsogolo. Amayi akamayankhira kuti "eya" kapena "zoona," ali m'njira. Akayamba kukonza zitenje, kuyang'ana pansi, kapena mayi wokhala pambali pa mkwatibwi akamugwira mkono mwana wake, ndiye kuti mawu alowa posayenera. Emusi akayamba kuyandikira, kapena woimba nyimbo akaikweza pang'ono, nthawi yatha. Pamenepo osapepesa motalika. Apereke chimene chatsala m'manja, athokoze, abwerere.

Pali langizo limodzi limene ine ndimafuna operekeza atalisiyiratu: lakuti banja ndi kupirira, zam'nyumba sanena kunja. Lili ndi mbali yoona, pakuti kukangana za mchere sikufuna msonkhano. Koma likanenedwa lopanda malire, mtsikana amalimva ngati lamulo loti akamenyedwa atseke pakamwa. Mwambo wathu womwe sunatero. Unaika ankhoswe kuti banja likavuta pakhale kokadandaula. Ku Malawi kuli lamulo loletsa nkhanza za m'banja la chaka cha 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Sindikuti woperekeza awerenge malamulo pa tsiku la chisangalalo, angaononge phwando. Koma mawu aja akuti "foni yanga sinasinthe" akugwira ntchito imeneyo mwakachetechete. Mkwatibwi wamva kuti khomo lina lili lotsegula, ndipo palibe mlendo amene wakhumudwa.

Akamaliza kulankhula, ntchito sinathe. Emusi amalengeza kuti anzake a mkwatibwi afupe, lichero kapena beseni limaikidwa pakati, ndipo operekeza ayenera kukhala atasinthiratu ndalama zing'onozing'ono kuti athe kuponya nyimbo yonse osaima pakati manja ali m'chikwama. Mmodzi wa iwo akhale ndi kope pafupi ndi tebulo la mphatso, azilemba chinthu ndi dzina la wopereka, chifukwa makadi amagwa ndipo mapepala okutira amang'ambika. Anthu akamabalalika, awerengenso katundu asanakwezedwe m'galimoto, chivindikiro chilichonse pa poto wake, ndipo kopelo alipereke m'manja mwa mayi ake a mkwatibwi.