Kalata ya wochoka ntchito: zinsinsi za dashibodi

Katswiri wa manambala akatsanzika pa ofesi, dashibodi imene ankasamala imatsala ngati mwana wamasiye pokhapokha atasiya kalata yolongosola zonse.

Tiyerekeze ndi dashibodi ya malonda yopangidwa mu Power BI. Kalata yabwino imatchula fayilo ya Excel kumene manambala amachokera, ola limene dashibodi imakoka atsopano, ndiponso akaunti imene imachita zimenezo. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Ngati akauntiyo ndi ya wochokayo, tsiku limene aitseka kukokako kumaima, koma zithunzi zimaonekabe bwinobwino, mabwana n'kumagamula nkhani ndi manambala a sabata yatha.

Wolandira ntchito aziyamba waona deti limene manambala analowa komaliza, ndipo akauntiyo isinthidwe mnzakeyo asanatuluke pakhomo.