Kuphunzitsa Theka ndi Kota ndi Luzi ndi Zitsekerero

Funsani mwana wa Sitandade 3 kuti chachikulu n'chiti pakati pa 1/2 ndi 1/4. Nthawi zambiri adzaloza 1/4, chifukwa anaphunzira kale kuti 4 amaposa 2. Kulongosola pabolodi sikuchotsa msanga maganizo amenewa. Amachoka mwanayo akagawa yekha chinthu ndi manja ake, ndipo zipangizo zake n'zongotola, monga imalimbikitsira njira ya TALULAR imene aphunzitsi athu amaidziwa bwino.

Cholinga cha phunziroli chikhale chimodzi: ana aone kuti chinthu chikagawidwa mofanana, magawo akamachuluka gawo lililonse limachepa. Dzulo lake mphunzitsi akonzere gulu lililonse zingwe zitatu za luzi zotalika chimodzimodzi, ndi zitsekerero za mabotolo 12.

Ayambe ndi phesi la chimanga, alithyole dala mbali ina kutalika, n'kufunsa kuti, "Kodi ndagawa pakati?" Ana amakana mwaphokoso, pakuti nkhani ya kugawana mokondera amaidziwa kuchokera kunyumba. Apo lamulo lapezeka: magawo afanane.

Nthawi yambiri ithere pa luzi. Chingwe choyamba chikhale chathunthu. Chachiwiri achipinde nsonga zikumane, adule popindikapo. Chidutswa chilichonse ndi theka. Chachitatu achipinde, achipindenso, n'kudula kuti zituluke zidutswa zinayi, makota. Tsopano ayale pansi chathunthu, theka ndi kota, nsonga zonse ziyambire pamzere umodzi. Palibenso wotsutsa kuti kota ndi wamfupi, ndipo ena amatulukira okha kuti makota awiri akalumikizana akwana theka. Pamenepa m'pamene choko chiyenera kugwira ntchito: nambala yapansi ikunena magawo onse ofanana, yapamwamba ikunena amene tatenga.

Ine nzimbe sindiikonda pa phunziroli, ngakhale ana amaisangalalira. Mfundo zake sizitalikirana mofanana, choncho mwana amawerenga mfundo n'kuyesa kuti wagawa bwino. Zingwe nazo zikasiyana kutalika zimasokoneza, chifukwa kota wa chingwe chachitali akhoza kuposa theka la chachifupi.

Kenaka abwere pa zitsekerero. Zija 12 azigawe milu iwiri yofanana, mulu uliwonse 6. Akagawa milu inayi, uliwonse 3. Nambalayi yasankhidwa dala, poti imagawika bwino pawiri, patatu ndi panayi, pamene 10 pa milu inayi amatsala ziwiri.

Pofuna kuona ngati amva, mphunzitsi apereke zitsekerero 8 n'kunena kuti, "Ndipatse kota." Wopereka ziwiri wamvetsa. Wopereka zinayi wangoona 4 wapansi uja n'kuwerenga, ndipo ameneyo aunjikenso milu inayi yofanana, anyamule umodzi, awerenge zimene zili m'dzanja lake.