Umboni wa kasitomala: pemphani mosamulemetsa

Telala akasoka bwino zovala za chinkhoswe, mwini chinkhoswe amayamikira ndi mtima wonse. Koma telalayo akati, "Mayi, mundilembereko umboni woti ndizionetsa anthu ena," yankho limakhala lakuti, "Musadandaule, ndilemba," kenaka mwezi n'kutha kuli zii. Sikuti mayiwo sanakhutire ayi. Angopatsidwa ntchito yolemetsa: kuganiza poyambira, kusankha mawu, ndiponso kuopa kulakwitsa kalembedwe. Ntchito imeneyi ayenera kuisenza ndi amene akufuna umboniyo, kasitomala atsale ndi kuyankha kokha.

Choyamba ndi nthawi yopemphera. Tsiku lodzatenga zovala si labwino, chifukwa sizinavalidwe ndipo mutu wa kasitomala uli pa zokonzekera mwambo. Pakapitanso miyezi, zambiri amakhala ataiwala. Dikirani papite tsiku limodzi kapena awiri chinkhoswe chitachitika. Chizindikiro chodalirika n'chakuti iye mwini watumiza zithunzi pa WhatsApp kapena waimba foni kuthokoza. Ngati pali ndalama yotsala kapena diresi lofunika kubweza m'chiuno, malizani zimenezo kaye. Munthu amene ali nanu ngongole akhoza kuyamikira chifukwa cha manyazi chabe.

Chachiwiri, musapemphe "umboni", funsani mafunso. Tiyerekeze kuti telala wasoka madiresi 12 a anamwali operekeza. Uthenga wake ukhoza kukhala wotere: "Mayi, zikomo chifukwa cha zithunzi zija. Ndili ndi timafunso titatu, ndipo mukhoza kungoyankha ndi mawu pafoni, mphindi imodzi yakwana. Musanandipatse ntchitoyi, munkaopa chiyani? Nanga zinayenda bwanji? Mnzanu atakufunsani za ine, mungamuuze chiyani?"

Funso loyambalo ndilo lofunika koposa. Mukafunsa kuti, "Kodi ntchito yanga mwaiona bwanji?" mudzamva kuti, "Ndi yabwino kwambiri," mawu amene sathandiza mlendo kusankha pakati pa inu ndi telala wa khonde loyandikana nalo. Koma mukafunsa zimene ankaopa, kasitomala amatchula nkhawa yomwe ena onse ali nayo: telala wa "mubwere mawa", nsalu yoonongeka podula, mtengo wokwera ntchito ili mkati. Munthu wowerenga umboni amafuna kudziwa ngati chimene iye akuopacho chinamuchitikira mnzake kapena ayi.

Kuyankha ndi mawu kumathandiza chifukwa ambiri timafotokoza bwino polankhula kusiyana ndi polemba. Ngati kasitomala alibe bandulo, muimbireni inuyo, cholembera chili m'manja. Mukatero fupikitsani zimene wanena kukhala ziganizo ziwiri kapena zitatu, monga izi: "Ndinkaopa kuti madiresi 12 sangathe m'masabata awiri. Ndinawalandira kutatsala masiku atatu, ndipo limodzi lomwe linathina analikonza tsiku lomwelo." Taonani kuti diresi lothina lija silinachotsedwe. Kachilema kakang'ono kotere kamachititsa kuti anthu akhulupirire zina zonsezo, komanso kamaonetsa mmene telalayo amachitira zinthu zikalakwika.

Pofupikitsapo pali malire. Mungachotse mawu obwerezabwereza, koma musaonjezere zimene mwiniwake sananene. Ngati anati "masiku atatu", musalembe "sabata yathunthu". Umboni wokometsera umadziwika msanga: umadzaza ndi mawu ngati "wapamwamba zedi" koma mulibe tsiku, chiwerengero kapena chochitika chilichonse.

Mukalemba, mutumizireni kuti avomereze, ndipo apanso yankho likhale losavuta: "Mayi, ndalemba chonchi. Ngati zili bwino mungoti 'eya', ngati pali polakwika mundiuze ndikonze." Mu uthenga womwewo funsani za dzina, mukumupatsa zosankha: dzina lonse, dzina loyamba ndi dera, kapena popanda dzina. Nenaninso komwe umboniwo ukaikidwe, kaya ndi pakhoma la shopu kapena pafoni. Chithunzi chimafuna chilolezo chakechake, chifukwa kukutumizirani chithunzi si kukulolani kuti muchifalitse, ndipo anamwali ali pachithunzipo nawonso ayenera kufunsidwa. Nambala ya foni ya kasitomala musaiike poyera.

Akapanda kuyankha, mukumbutseni kamodzi patatha sabata. Akakhalabe chete, zisiyeni. Ena sakonda kuti dzina lawo lizioneka pa malonda, ndipo kuwaumiriza kukhoza kukutayitsani kasitomala amene akanabweranso ndi nsalu ina. Musalonjezenso kuchotsera mtengo posinthana ndi mawu abwino, pakuti anthu akadziwa kuti umboni umodzi unagulidwa, amakayikira ngakhale maumboni oona aja.